Mawu a mtsikana wa ku Hewe

Cholakwa chinali changa, ndiyambe ndavomera. Ndinapita ku Hewe ndi kamakina kojambulira mawu kamodzi, n'kukaika pa mpando pakati pa amayi asanu ndi awiri ngati mbale ya mtedza. Nthawi imeneyo ndinkakonza pulogalamu ya zaumoyo pa wailesi ina yaing'ono, ndipo sabata imeneyo mutu unali wa kulera.

Kwathu ku Ntcheu timadulana pakamwa, koma amayi a ku Hewe anandiposa. Wina akamayankhula, anzake amamuthira ndemanga, kumuvomereza, kumuseka, onse nthawi imodzi. Ine ndinkangomwetulira kuti pulogalamu yapsa.

Yemwe anaigwira nkhani anali mayi wina wolima fodya, wa ana asanu ndi anayi. Anafotokoza mmene anatsalira pang'ono kufa pa mimba yomaliza, atamunyamula pa njinga magazi ali chuchuchu. Mphindi zitatu zimenezo zinali mtima wa pulogalamu yonse. Koma pambali pake panakhala mtsikana wina wongokwatiwa kumene, pafupi kwambiri ndi kamakina kaja, ndipo mayiyo ali mkati molankhula iye ankalowetsamo zake: kuti amabayitsa jekeseni mwakabisira, kuti apongozi ake sadziwa.

Patapita masiku awiri mtsikana uja anandiimbira pa foni yobwereka.

"Adada, mufumyemo mawu anga, muwachotse ndithu. Kwa amuna anga anapereka ng'ombe, akudikira mwana. Akandimva pa wailesi, ine basi ukwati watha."

Ndinamuuza kuti asadandaule, ndi ntchito yaing'ono. Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Pomwe iye ankayankhula yekha panalibe vuto: kusankha pa kompyuta, kudula, kulumikiza. Koma m'mphindi zitatu zija mawu ake ndi a mayi uja anali atalowa pa maikolofoni imodzi, m'njira imodzi. Zinali ngati kuthira mchere ndi shuga m'kapu imodzi ya madzi, kenako wina n'kukuuza kuti chotsamo mchere wokha. Ndikanapatsa aliyense maikolofoni yake, bwenzi ndangotsitsa yakeyo, kotsala n'kukhala kochepa.

Ndinayesa kutsitsa mawu okwera, poganiza kuti mtsikana ali ndi liwu lopyapyala. Mayi uja anamveka ngati akuyankhulira m'bulangeti, mtsikana ali pomwepo, poti mawu a anthu awiri amadutsa malo omwewo. Ndinayesa chochotsera phokoso. Icho chimadziwa kulira kwa jenereta, kosasinthasintha. Munthu woyankhula sichimuona ngati phokoso. Ndinatukwana kompyuta, pamene wolakwa ndinali ine.

Mnzanga wa ku Mzuzu anandithandiza kuika pa kompyuta pulogalamu ya makono ija yolekanitsa mawu. Umaipatsa kachidutswa ka munthuyo akuyankhula yekha, iyo n'kumusaka m'chisokonezo chonsecho. Inachita zodabwitsa, sindikana. Mawu a mtsikana anatuluka pambali, mayi uja n'kutsala, ngakhale ankamveka ngati ali pansi pa madzi. Koma pomwe awiriwo anakweza mawu pamodzi, inasokonezeka: inadya mawu ena a mayiyo, n'kusiya timapisi ta mtsikana. Theka la liwu loti jekeseni. Kaphwete kake ka m'mphuno.

Abwana anga, bambo wosachedwa kutopa, anamvera kamodzi.

"Apa palibe angamuzindikire. Ulutsani, nthawi yatha."

Ndinafuna kuwakhulupirira, chifukwa masiku atatu anali atapita. Komabe ndinadikira mlangizi wa zaumoyo wa ku Hewe, yemwe anatisonkhanitsira amayi aja, tsiku limene anabwera ku Boma. Ndinamuveka mahedifoni osamuuza kanthu. Sipanathe mphindi, anaseka.

"Uyu akuseka kumbuyoyu si mkamwana wa kuseri kwa chigayo? Amaseka choncho chomene."

Ngati mlangizi wamudziwa ndi kaphwete, nanga apongozi ake amene amadya naye tsiku ndi tsiku? Ndinakwiya, koma ndinasankha mphindi zitatu zonse zija n'kuzifufuta. Pulogalamu inauluka yozizira, ine ndikulongolola m'malo mwa mayi uja, abwana osandiyankhula sabata yathunthu.

Mwezi wotsatira ndinabwerera ku Hewe ndi maikolofoni awiri, kuti mayi uja afotokozenso yekha. Ndinamupeza akusoka fodya m'chigafa. Sanaimirire. Anati anaitana abale ake onse kudzamvera tsiku lija, mwamuna wakenso anakhala pomwepo, ndipo anamva aliyense kupatula iye.

"Yewo, adada, koma ine ndinayankhula kale. Munaona kuti za ine wosaphunzira n'zosayenera pa wailesi."

Chifukwa chake ndinali nacho pakamwa. Koma mtsikana uja anali pomwepo, akusoka fodya moyang'ana pansi, apongozi ake ali pambali pake. Ndinangoti pepani amama, makina anavuta, n'kubweza maikolofoni m'chikwama.