Botolo Limodzi la Ba Norbert

Ba Norbert Njobvu a ku Kabwata anali kalaliki, ndipo ankauza aliyense kuti masamu anayamwila kubele. M'zaka zija zinthu zikusowa m'masitolo a boma, anaima pamzele mpaka ndevu zinafika pachifuwa kuti apeze botolo limodzi la jusi yosungunula. Apongozi awo aamuna anali kubwela kuchokela ku Katete kudzaona ngati mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wanzelu.

Pabotolo panalembedwa kuti jusi ikhale 20 pelesenti ya chakumwa chonse. Ba Norbert anakhuthulila botolo lonse m'ndowa, nathilamo mabotolo makumi awili a madzi.

"Atate a Febby, mwatipha!" anafuula akazi awo, Ba Perpetua. "Twente pa handiledi ndi limodzi pa asanu: la jusi limodzi, a madzi anayi. Yanuyi ndi limodzi pa twente-wanu, siifika ngakhale faifi pelesenti!"

Kuti ikonzeke panafunika mabotolo ena anayi a jusi, koma Lusaka yense analibe.

Apongozi atawaikila jagi patebulo, anasuzumilamo, nasamba m'manja, n'kufunsa sopo.

"Anabwelela kwawo akudziwa kuti mkamwini ndi waukhondo," ankatelo Ba Norbert mpaka kukalamba. "Za nzelu sanafunsenso."