Pilira ndi Bala la Apongozi Ake

M'mawa uliwonse, nkhungu ya ku Kaphuka isanachoke, Pilira ankafunditsa madzi, n'kukaika beseni pakhomo la apongozi ake, a Gerevazio. Ankagwada cham'mbali, maso ali pansi, n'kupereka moni. Mkuluyo ankayankhira m'kati. Umu ndi mmene ankakhalira chikwatiwire pamudzipo: mtengwa sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, salowa kuchipinda kwawo, ndipo sawakhudza.

Pilira anali wofatsa kuyambira ali mwana. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, kumsika ankagulitsa kabichi osaitanira. Anthu ankamuyesa wopusa, koma maso ake ankaona zambiri. Mwamuna wake, Zikhalo, ankapikula mbatatesi kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo panyumba ankangofikapo ngati mlendo.

M'mwezi wa Juni matumbo a a Gerevazio anapotana, ndipo kuchipatala cha boma anawachita opareshoni. Anawang'amba pamimba kuchokera pamwamba pa mchombo mpaka m'munsi. Akazi awo anali atamwalira kale, ana aakazi ali kutali, choncho wowadikirira anali Pilira.

Tsiku lowatulutsa, namwino wina dzina lake Wezzie anamukokera pambali pamodzi ndi Zikhalo.

"Mankhwala a ululu azimwa pa nthawi yake, asamadikire kuti ululu ukule," anatero Wezzie. "Munthu akamamva kupweteka amaopa kupuma mokoka, amaopa kuyenda, kenako chibayo chimamupeza, kapena magazi amaundana m'mwendo. Aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Akafuna kutsokomola azitsamiza pilo pamimba. Madzi ambiri, ndiwo zamasamba, mazira, nyemba. Khasu ayi, thumba ayi. Nanga bala aziliona ndani?"

"Ineyo," Zikhalo anayankha msanga.

"Inuyo amalonda? Chabwino. Muzisamba m'manja ndi sopo musanalikhudze. Likafiira, likatupa, likatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, mubwere. Koma likayamba kuchucha madzi ofiirira ngati otsukira nyama, musadikire kuti kuche. Ndiye kuti ulusi wam'kati ukumasuka."

Zikhalo anakhala pamudzi masiku ochepa. Kenako mtengo wa mbatatesi unakwera, iye n'kunyamuka. "Bambo ndi munthu wamkulu, adziona okha," anatero.

A Gerevazio anali munthu wosadandaula. Mankhwala aja Pilira ankawaika pa sosala pakhomo, koma nthawi zambiri ankawapeza ali pomwepo.

"Bambo, mankhwala simunamwe."

"Amake Nomsa," anamuitana ndi dzina la mwana wake, "ine ndinazula dzino ndi pulayala. Tinjere timeneti tindithandiza chiyani?"

Kunkazizira kwambiri chaka chimenecho. Mkuluyo analowetsa mbaula m'chipinda, ndipo madzulo kunkamveka kafungo ka fodya wopichira amene adokotala anawaletsa. Chifuwa chinayamba. Pilira ankachimva ali kukhitchini: kutsokomola kouma, kenako kubuula kofupika, kenako zii. Anawasokera kapilo ka nsanza zochapa bwino, koma anakaona kali pa mpando panja, mphaka atagonapo.

Poyamba mkuluyo ankayenda mpaka pa mtengo wa pichesi kuseri kwa khola. Kenako anayamba kubwerera pakhola. Kenako ankangofika pakhonde, atawerama, dzanja lili pansi pa jekete.

"Bala lili bwanji, bambo?"

"Likuuma. Mukufuna ndikuonetseni?" Anaseka, podziwa kuti funso limenelo silingayankhidwe. Pilira anaweramitsa mutu n'kuchoka.

Anaimbira foni Zikhalo. Iye anati katundu sanathe, abwera Loweruka, ndipo Lolemba adzawaperekeza kukachotsa ulusi.

Lachinayi masana a Gerevazio anatsokomola nthawi yaitali. Pilira anamva mawu amodzi okha, "Mayo," otuluka motsitsa ngati munthu waponda munga. Phala lamasana linabwerera losakhudzidwa. Dzuwa litapendeka, mkuluyo anaponya zovala zakuda pakhomo monga mwa nthawi zonse. Pilira atatola malaya awo oyera anaona kuti ndi onyowa kutsogolo, kuyambira pa batani lachitatu kutsika. Sanali magazi enieni, sanalinso mafinya. Anali madzi ofiirira, ambiri, opanda fungo.

Anaima ndi malayawo m'manja. Pamudzi panalibe mwamuna wina wapabanja. Achemwali a a Gerevazio ankakhala tsidya la dambo, ndipo anali oyamba kunena kuti mtengwa wa masiku ano alibe mwambo. Kuwaitana kukanatenga nthawi, ndipo akanabwera ndi masamba otafuna oti amate pabalapo.

Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Anatenga nsalu imene anawiritsa n'kuisita, ndi madzi owiritsa ozizira othira mchere pang'ono. Anagogoda.

"Ikani pomwepo," a Gerevazio anatero.

"Ndikulowa, bambo."

"Mwati chiyani?"

Analowa. M'chipindamo munali utsi ndi mdima. Mkuluyo anali chogona, nkhope itatuwa, manja onse atagwira bulangete.

"Amake Nomsa, tulukani. Ine si mwamuna wanu."

"Ndikudziwa."

"Anthu akamva adzati chiyani? Makolo anu sanakulangeni?"

"Anandilanga, bambo." Anasendera pafupi. "Mudzandilipitse nkhuku mukachira. Chotsani manja."

Anayang'anana koyamba chikhalire. Maso a mkuluyo anali ndi mantha, osati mkwiyo. Anatembenukira kukhoma, manja n'kumasuka.

Bandeji inali itanyoweratu. Pilira ataitukula pang'ono anaona kuti m'munsi mwa mchombo khungu lapatukana pakati pa ulusi, ndipo m'katimo munkasuzumira kanthu kofiira, konyezimira, kosuntha mkuluyo akapuma.

"China chake chinaduka masana aja," a Gerevazio ananong'ona. "Ndinachimva."

Pilira sanakakankhire m'kati. Ananyowetsa nsalu ija, anaphimba balalo, n'kuzunguliza chitenje pamimba mosathinitsa. Anawapinditsa mawondo n'kuikapo bulangete kunsi kwake kuti mimba isakokeke. Anatulutsa mbaula.

"Ndipatseni madzi akumwa."

"Ayi. Akakulowetsaninso ku opareshoni, m'mimba musakhale kanthu."

Anathamangira kwa a Samuel, oyandikana nawo, amene anali ndi kagalimoto konyamulira mbatatesi. Iwo anati njinga yamoto ndiyo yachangu. Pilira anakana: munthuyo ayenera kugona, asakhale tsonga. Anayala matiresi kumbuyo, amuna anayi n'kuwanyamula ndi bulangete. Amayi anasonkhana pamsewu. Wina anafunsa mokweza kuti wawamanga chitenjecho ndani. Onse anayang'ana Pilira.

Msewu unali wa mabampu. Pa bampu lililonse iye ankagwira m'mbali mwa mimba ya apongozi akewo ndi manja awiri, iwo maso ali chitsinzinire. Kuchipatala adokotala anatukula nsaluyo, anayang'ana kamodzi, n'kuitanitsa machira. Anamuuza kuti awasokanso, koma chifuwacho sichikuwasangalatsa, ndipo masiku akubwerawa ndiwo adzanene.

Kutacha, a Gerevazio anali pa bedi la pafupi ndi khomo, diripi ili pamkono, akupuma mofulumira. Achemwali awo anali atafika, atakhala pansi, osamupatsa moni Pilira. Wezzie anabwera ndi thireyi ya zotsukira bala n'kukoka katani.

"Achibale, panja."

Achemwali aja anadzuka n'kumuyang'ana mtengwayo kuti atsogole. Pilira sanasunthe.

"Anesi," anatero motsitsa, "ine nditsala. Mundionetse mmene mumatsukira."