Uthenga wa Mwana Wanga Ndinautsegula Ndekha

Ndimakhoma zidebe ndi mbaula pamsika wa Mitundu. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Foni yopalasa ndi chala ndinaigula chifukwa cha mwana wanga wamkazi, wachiwiri kubadwa, amene anapita chitengwa ku Nathenje. Mwamuna wake anali tenanti pa esiteti ya fodya, wochokera kuboma lina lakutali. Mayi ake a mwanayu anamwalira kale. Anatsala ndi ine, komanso malume ake, alamu anga, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo.

Chaka chachitatu ali kubanjako, anayamba kunditumizira mauthenga amawu pa pulogalamu ija imene aliyense ali nayo mufoni. Anali aafupi. Moni, za mvula, za mdzukulu wanga amene anali atayamba kuyenda. Tsiku lina anatumiza chithunzi cha mkono wake, wotupa kuyambira pachigongono. Kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati pali munthu wina amene angamve zimene tikukambirana. Mwamuna wake anamuuza kuti ali ndi mnzake kukampani ya netiweki, ndipo chilichonse chimene anena pafoni chimamufika.

Ndinasiya nyundo n'kupita kwa wokonza mafoni, bambo wina wachisilamu amene benchi yake ili pakhonde la golosale ya abale ake. Ndi munthu wa msinkhu wanga, wa pakamwa. Ndinamufunsa ngati wina angamve zimene anthu awiri akukambirana pafoni.

"Mwayamba zibwenzi ndi imvi zimenezi, bambo a zidebe?" anandifunsa.

Ndinati ayankhe zimene ndafunsa. Ataona nkhope yanga anasiya kuseka. Anatsegula pamene ndimalankhulirana ndi mwana wanga, nandionetsa timawu tachizungu pamwamba, pambali pake pali kaloko. Anati foni iliyonse ikalowa mu pulogalamuyo imadzipangira loko ndi kiyi. Lokoyo imagawa kwa aliyense wofuna kuilembera. Kiyi satuluka mufonimo. Mwana wanga akalankhula, foni yake imatsekera mawuwo ndi loko wa foni yanga asananyamuke. Amadutsa pa nsanja za netiweki ndi m'makompyuta a eni pulogalamu ali chitsekere. Woyesa kumvera panjira amapeza manambala osakanikirana, opanda mutu. Amatseguka akafika mufoni mwanga basi.

Ndinafunsa za mnzake wa kukampani uja. Anati ngakhale bwana wamkulu wa kampaniyo sangamve. Anangochenjeza kuti eni pulogalamu angadziwe nambala imene yalembera inzake, ndi nthawi yake, koma mawuwo ayi. Anawonjezera kuti mwanayo aike nambala yachinsinsi yotsegulira foni, ndiponso azifufuta zimene watumiza, chifukwa wogwira foni yotsegula safuna kiyi.

Ndinamuuza mwana wanga zonsezo. Ndinati, "Lankhula, mayi. Mwamuna wako akungokuopseza."

Analankhula. Uthengawo unali wa mphindi zinayi. Anati wamenyedwa katatu mwezi womwewo. Anati Lachisanu likubweralo mwamuna wake aperekeza mabelo a bwana ku okushoni, achoka m'mamawa pa lole. Iye adzabereka mwana, adzanamizira kusikelo, ndipo adzandidikira pa siteji ya Nathenje dzuwa lisanafike pamutu. Zovala anali atasungitsa kale kwa mayi wina woyandikana naye. Pomaliza anati, "Bambo, musauze munthu."

Ili linali Lachiwiri. Ndinakhala nawo mawuwo tsiku lonse. Kwathu kuno bambo satenga mwana kubanja mwayekha. Mwana ndi wa kuchikazi. Ukwati anamanga ndi ankhoswe, oumasula ndi iwo omwe. Ndikanangopita n'kumutenga, akuchikazi akanati ndawadelera, akuchimuna akanati ndaba mkazi wawo. Kwa ine malume ake sanali "munthu" amene mwanayo ankanena. Anali mwini mbumba.

Lachitatu ndinawaimbira alamu anga. Anati nkhani za akazi zimakula pofotokoza, akufuna amve okha. Ndinadina uthenga uja n'kuutumiza kwa iwo. Pamwamba pa dzina lawo panalinso kaloko komweko. Mtima unakhala pansi.

Lachisanu ndinatseka shedi n'kukwera njinga yamoto kudzera msewu wafumbi. Ndinafika pa siteji nthawi idakalipo. Ndinaima pafupi ndi amayi ogulitsa tomato. Maminibasi a ku Dedza anadzaza n'kupita, ena n'kubwera. Mayi aliyense wobereka mwana ndinkamuyang'ana mpaka adutse. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Ndinaimba, foni inangoitana. Ndinatumiza mawu, timizere tiwiri tinaoneka kusonyeza kuti afika, koma yankho panalibe.

Ndinayenda wapansi mpaka ku esiteti. Nyumba za matenanti zili mumzere kuseri kwa zigafa. Pachitseko cha mwana wanga panali waya wopota. Mayi woyandikana naye uja anandiitanira kuseri kwa nyumba yake. Anati mwamunayo sanapite ku okushoni. Lachinayi madzulo anakhala pakhonde n'kuliza foni yake mokweza, mzere wonse ukumva mawu a mkazi wake akunena za sikelo ndi siteji. Analiza kawiri. Atatha analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Zimene anamva pambuyo pake mayiyo sanandiuze, ndipo sindinafunse. Kutacha anabwera ndi njinga zamoto ziwiri, anakweza mkazi, mwana ndi thumba limodzi. Anasiya ndi fodya yemwe. Kapitawo wa pa esiteti anati sakudziwa kumene alowera.

Mayiyo anandipatsa jumbo ya zovala zija. Ndinabwera nayo ku Mitundu nditaipakata.

M'mawa mwake ndinapita kwa wokonza mafoni. Ndinaponya foni pa benchi yake. Ndinati anandinamiza, loko wakeyo ndi wabodza, mnzake wa kukampani uja alipodi. Sanakwiye. Anafunsa ngati angaone. Anapalasa pang'ono n'kuima pa dzina la alamu anga. Pamwamba pa uthengawo panali kamuvi kokhota.

"Uwu anatumiza ndani?"

"Ine. Ndi ankhoswe."

"Achimwene, uthengawu unafika kwa inu wotseka. Foni yanu inautsegula. Inu munautsekanso ndi loko wa alamu anu. Iwonso anautsegula. Panjira palibe amene anaba kanthu."

Ndinati nanga kaloko kaja? Anati kamalondera msewu, sikalondera anthu okhala kumapeto kwa msewuwo.

Ndinapalasa njinga kupita kwa alamu anga. Ndinawapeza akusenda mtedza. Sanabise. Anati nkhoswe sagwira ntchito yekha, mwambo wake ndi kudziwitsa nkhoswe mnzake wa kuchimuna kuti pakhale bwalo. Anamutumizira uthengawo kuti amve kukula kwa nkhani, akadzudzule m'bale wake. Nkhosweyo anautumiza kwa mkamwini wanga ndi mawu akuti, tamva zimene wachita, konza banja lako. Aliyense anachita zimene mwambo umafuna. Alamu anga anagwetsa misozi. Ndinafuna kuwamenya, koma amene anayamba kutumiza ndinali ine. Anaimbira nkhoswe mnzawoyo ine ndili pomwepo. Nkhosweyo anayankha kuti kumudzi mnyamatayo sanafikeko, mwina walowa esiteti ina cha kumpoto. Maesiteti ndi ambiri, ndipo tenanti watsopano safunsidwa za mkazi wake.

Patapita masiku asanu, pa nambala ya mwana wanga panabwera uthenga wolemba. "Ndili bwino bambo musadandaule." Ndinayankha ndi mawu, ndinati andiuze kumene ali. Timizere tinasanduka tabuluu. Kunabwera wolembanso. "Takambirana zatha musatifune."

Mwana wanga salemba. Sukulu anaisiyira sitandade folo, ndipo amachita manyazi ndi zolemba zake. Chigulire foniyo sanandilemberepo liwu ndi limodzi.

Ndinabwereranso pakhonde la golosale. Nthawi imeneyi sindinaponye foni. Ndinafunsa ngati pali njira yodziwira amene akulemba. Wokonza mafoni anapukusa mutu. Anati kiyi ali mufoni, sali mwa munthu. Foniyo ikakhala m'manja mwa wina ili yotsegula, pulogalamu imatseka mawu ake bwinobwino monga inkatsekera a mwana wanga, n'kuwabweretsa kwa ine pansi pa dzina lomwelo. Nambala yachinsinsi ija, anati, imaletsa wakuba. Siletsa mwamuna amene waima pamutu pako n'kunena kuti tsegula. Mkamwiniyo akanasamutsa nambala ya foni ya mwana wanga kupita mufoni ina, loko akanasintha ndipo tikanatha kuona. Koma foni ndi yomweyo.

Ndinafunsa ngati eni pulogalamu angandiuze kumene foniyo ili, kapena kundimvetsera zimene mkamwiniyo akulankhula ndi abale ake. Anati zolankhulazo ndi zotseka kwa iwo, monga zanga zinalili zotseka kwa iye. Akampani ya netiweki angadziwe nsanja imene foniyo ili nayo pafupi, koma sauza munthu wamba. Pamafunika apolisi ndi chikalata cha kukhoti. Anandithirira tiyi wa mufulasiki yake. Sanandiseke tsiku limenelo.

Kupolisi ndinapita ndi alamu anga. Mayi wa yunifomu anamvetsera uthenga wa mphindi zinayi uja mpaka kumapeto, anaona chithunzi cha mkono, analemba zonse. Anaimba nambalayo ife tili pompo. Inaitana mpaka kuduka. Anati ayamba kulemba makalata ofunsira za nsanjazo, koma zimatenga nthawi, ndipo nsanja imodzi imafikira midzi ndi maesiteti angapo. Anatilangiza kuti tisamuopseze mwamunayo pafoni, angaizimitse n'kutaya simukhadi, tingasowe ndi pogwira pomwe.

Ndiye ndimalemba mofatsa. M'mawa uliwonse ndisanagwire nyundo ndimatumiza moni. Ndimadziwa amene akuwerenga. Ndimasankha mawu oti asamukwiyitse, chifukwa akakwiya sindine amene ndili naye m'nyumba. Ndimati, mwadzuka bwanji kumeneko, mwana ali bwanji, mvula yayamba? Nthawi zina yankho limabwera tsiku lomwelo, nthawi zina pakapita masiku atatu.

Sabata yatha ndinalimba mtima. Ndinalemba kuti, "Mkamwini, ndikudziwa ndinu. Sindikufuna mlandu. Ndimveko mawu ake okha, ngakhale moni."

Timizere tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Pamwamba panaoneka kuti wina akulemba. Anasiya. Anayambanso, anasiyanso. Ndinakhala pa chitsa changa foni ili m'manja mpaka mayi wina amene anabwera ndi chidebe chodontha anatopa n'kupita kwa mmisiri wina. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Sanayankhe.