Madzi Ozizira a Zita

Mng'ono wanga Zita anabadwa ndi pakamwa, ine ndinabadwa ndi msana. N'chifukwa chake titatsika ku Angónia kubwera ku Tete, ine ndinathera pamsika kusenza matumba a mbatata ya kachewere, iye n'kukhala pampando wofewa m'kanyumba ka intaneti m'dera la Josina Machel. Nsanje sindinamuchitire. Chabwino, pang'ono pokha.

Zaka zimenezo malasha a ku Moatize anali atapengetsa tawuni yonse. Amuna anabwera kuchokera kulikonse, aliyense ndi chipewa cholimba cha kumgodi, ndipo ambiri anali okhaokha. Ndiye panatchuka tsamba lina la pa intaneti lofunirapo zibwenzi. Ukalitsegula linkakuonetsa anthu a pafupi nawe atandandalikana: kachithunzi, dzina, zaka, ndi mzere umodzi woyamba wa mawu amene munthu walemba. Ukatalikitsa, mzerewo unkadukira panjira. Zina zonse unkaziona pokhapokha utadina.

Mzere umenewo ndiwo unali munda wa Zita. Anthu ankabwera kuti awalembere m'Chipwitikizi, iye n'kuyamba wawaonetsa mndandandawo.

"Taonani, mano," ankatero kwa amuna akuluakulu a ndevu zawo, kuwatchula achimwene m'Chipwitikizi. "Uyu akuti homem sério, mwamuna wokhulupirika. Wapansiyu wokhulupirikanso. Winayu wokhulupirika, amagwira ku mina, kumgodi kuja. Chipewa chimodzimodzi, magalasi akuda amodzimodzi. Mkazi aima pati? Ndiuzeni chinthu chimodzi choona chimene mnzanu sanganene."

Woyendetsa kamiyau wina, malole aja, Zita anamulembera kuti, "Ndimasoka ndekha mabatani." Ine ndinaseka mpaka misozi. Pano bamboyo ali ndi mkazi ndi ana ku Degue, m'mbali mwa tawuni.

Zita mwini tsambalo analibe nalo ntchito, chifukwa anali ndi Célio. Célio anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, n'kubwera kuno ali mwana nkhondo itatha. Ankayendetsa galimoto yothira madzi m'misewu ya kumgodi kuti fumbi ligone. Anali wofatsa, wa mpata kumano, wondipatsa moni ndi manja awiri. Ankakhala limodzi ku Chimadzi, ankhoswe anali atagwirizana kale, ndipo ukwati wa kutchalitchi unali woti uchitike kwathu ku Ulongwe mvula isanayambe. Nsalu za anamwali operekeza zinali kale kwa telala.

Amene sanakhaleko ku Tete sadziwa kuti madzi a pampopi amatha kuwotcha lilime. Zita, mwana wa kumapiri ozizira, ankavutika nawo. Ndiye tsiku lililonse akaweruka, Célio ankagula chibuma chathunthu cha jelo, madzi oundana aja, n'kuchikulunga m'saka la utuchi, n'kubwera nacho panjinga yamoto. Tsiku lina ndili pomwepo, Zita anamunyadira.

"Iwe ukanakhala wosakwatira, ndikanakulembera mzere woti akazi aphane," anatero. "Amene ndimukonde sadzamwa madzi otentha mu Tete."

Célio anangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Ine ndinati mumtima, mwamuna wamanyazi chonchi Mulungu amapatsa ena.

Miyezi itapita, chibumacho chinayamba kufika chochepa. Célio ankati magalimoto achuluka pamlatho wowolokera mtsinje kuchokera kumgodi, munthu umaima padzuwa mpaka jelo kusungunuka. Zinali zomveka, pakuti mlathowo unkadzazadi.

Tsono ine mwamuna wanga anali atapita ku Joni zaka zambiri kumbuyoko, osatumiza ngakhale moni. Zita anandiumiriza mpaka ndinagonja.

"Mana Arminda, paukwati wanga musadzakhale nokha ngati mtengo wa pachulu. Bwerani Loweruka ndikulembereni."

Ndinapita masana, msika utazizira. Ananditsegulira tsamba langa, n'kundilembera kuti, "Ndimadziwa mbatata yowola ndisanatsegule thumba." Ndinakana, iye anati ndikhale chete. Kenaka anati tione amuna amene alipo, ndipo tinayamba kutsika. Wokhulupirika, wokhulupirika, woopa Mulungu, wokhulupirika. Zipewa zokhazokha, ngati bowa. Ndinali nditayamba kuyasamula pamene diso langa linakodwa pa mzere wina, ndipo ndinauwerenga mokweza ndisanaganize.

"Amene ndimukonde sadzamwa madzi otentha mu Tete."

Mawuwo atatuluka, ndinawazindikira. Ndinayang'ana Zita. Dzanja lake linali litauma pa kambewa ka kompyuta, kukamwa kuli pululu. Dzina linali Carlos. Kachithunziko kanali ngati ka ena onse, chipewa ndi magalasi akuda, moti tikanamudutsa osamuzindikira ngakhale pang'ono.

"Mwina wina anamva n'kubera," ndinatero, ngakhale ine mwini sindinakhulupirire.

Zita anadina. Chithunzi chinakula, ndipo mpata wa kumano uja unatisekerera. Pansi pake panalembedwa kuti wosakwatira, ndi kuti walowa patsambali lero.

Ndaonapo zambiri pamsika, koma zonga izi ndinali ndisanazionepo. Sindinadabwe kuti mwamuna angayende njira ziwiri, poti wanga anayenda mpaka kuiwala yobwerera. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti anatenga mawu amene mkazi wake anamuvekera ngati mkanda, n'kukawedzera nawo ena. Zita sanalire. Anangowerenga mzerewo kachiwiri.

"Sanasinthe ngakhale liwu limodzi," ananong'ona. "Ndipo wakwana bwino, sunaduke."

Dzuwa litapendeka tinamva njinga yamoto panja. Célio analowa atanyamula saka lake, fumbi lakuda m'nsidze.

"Alamu, mwaswera bwanji?" anandipatsa moni ndi manja awiri monga mwa masiku onse. 

Zita anatenga sakalo n'kulimasula patebulo. Kwa nthawi yoyamba tonse tinachiyang'anitsitsa chibumacho. Mbali zina zinali zosalala, zosungunuka m'makona. Mbali imodzi inali yowongoka, yokhala ndi mizere ya sowo.

"Theka linali lili kuti?" anafunsa Zita.

"Pamlatho paja, dzuwa..."

"Dzuwa la ku Tete layamba kuyenda ndi sowo?"

Zita anatembenuza kompyuta kuti Célio aone. Iye anayang'ana nkhope yake yomwe. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena agwada, kapena anamizira mnzake wa kuntchito. Zimene ananena mpaka lero zimandiswa mutu.

"Poyamba ndinalemba ngati anzanga, palibe anayankha. Iwe wemwe unati mawuwa ndi abwino."

"Anayankha angati?"

Madzi a jelo anali kudontha kuchoka patebulo.

"Amene ndimapitako ndi mmodzi," anatero. "Wa ku Degue. Nayenso madzi otentha amamuvuta."

Ndinagwira mpando kuti ndimuphwanye nawo, koma Zita anandigwira mkono. Anakulunganso theka lija bwinobwino m'saka, n'kumuikira m'manja.

"Kampatse lonse. Usamunamize mnzangayo, mzerewo ndinalemba ndine." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Mana, aimbireni amalume ku Ulongwe. Auze ankhoswe asavutike, ndi telala asiye kudula nsalu."

Njinga ija itapita, Zita anatuluka kupita pampopi wa kuseri, umene unakhala padzuwa tsiku lonse. Anatunga kapu yodzaza, n'kumwa yonse ataimirira, nkhope itakwinyika.

"Akuwotcha," anatero, n'kutunganso ina.