Foni mu Kabati, Ine pa Gulu

Loweruka, sabata yachiwiri ya Meyi. Lero ndadzuka ndikudziona ngati munthu wochenjera kuposa wina aliyense mu Area 12 muno. Pano dzuwa likupendeka, ndipo maganizo amenewo andithera.

Zinayamba masiku asanu ndi anayi apitawo, amayi ataona malikisi anga a Bayoloje. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja, ine n'kuwapatsa foni. Anaizimitsa okha, n'kuitsekera mu kabati ya kuchipinda kwawo, kiyi n'kumangirira pamodzi ndi makiyi a galimoto. Pangano linali lakuti foni ikhala chizimire mpaka titamaliza mayeso okonzekera kumapeto kwa mwezi uno. Ndikachita zachinyengo, ndidzaiona nditalemba mayeso enieni a Fomu 4.

Chimene amayi sankadziwa n'chakuti ine ndinali nditakonzekeratu. Dzulo lake ndinatsegula pulogalamu ya mauthenga pa laputopu yakale ya abambo, imene ndimawerengera. Pa sikilini panabwera kabokosi ka timadontho takuda. Pa foni ndinalowa pamene amalumikizira zipangizo zina, n'kuloza kamera pa kabokosiko, ndipo macheza anga anatulukira pa laputopu. Ndinachitanso chimodzimodzi pa tabuleti ya amayi, chifukwa magetsi akathima laputopu ija sichedwa kuzima, pomwe tabuleti ili ndi simu yakeyake. Ukalumikiza kamodzi, foni ikhoza kugona mu kabati. Chipangizo chilichonse chimalandira ndi kutumiza chokha mauthenga, bola chikhale pa intaneti.

Ndisaname, cholinga changa poyamba chinali chabwino. Aphunzitsi a Bayoloje amatumiza mapepala a mayeso akale pa gulu la kalasi, ndipo sindinkafuna kutsalira. Koma pansi penipeni pa gulu la kalasi pali gulu lina, la ife atsikana asanu, ndipo chala changa chinkangotsetsereka.

M'mawa uno amayi ananyamuka kupita m'tauni, kwa telala wawo wa pafupi ndi msika, kukasoketsa diresi la ku ukwati. Anandipeza pa tebulo, buku lili chitsegulire, laputopu pambali.

"Ukuwerenga chiyani?"

"Za mtima ndi mitsempha, mami."

"Mwana wabwino," anatero, n'kundisisita pamutu.

Geti litangotsekedwa ndinalowa pa gulu. Mnzanga amene ndimakhala naye desiki imodzi anali kale pomwepo.

"Iwe, si unati anakulanda foni? Nanga masiku onsewa ukulembera chiyani, chipande?"

"Foni ili m'ndende, mwini wake ali pa belo," ndinayankha. "Mami za makompyuta amangodziwa kuyatsa ndi kuzimitsa basi."

Anaseka onse, ine n'kumva kukoma. Ndinawonjezera za mmene amayi amagwedezera chitseko cha kabati m'mawa uliwonse kuti aone ngati chili chokhoma. Kenako ndinanyamula kapu ya tiyi ndi manja onse awiri, ndipo ndili chigwirire choncho, uthenga unatuluka mbali yanga ya sikilini, ya kumanja, kumene kumakhala zolemba ine.

"Komanso amadziwa kuwerenga."

Ndinayang'ana zala zanga. Zonse khumi zinali pa kapu.

"Ndani amadziwa kuwerenga?" anafunsa mnzanga uja.

Unabweranso wina, m'dzina langa lomwe. "Atsikana, ndakhala ndikuwanamiza amayi anga sabata yathunthu ndi masiku awiri. Tandiuzani, ndilandire chilango chanji?"

Iwo ankayesa ndikuseweretsa. Wina anati andimete mpala. Wina anati nditsuke galimoto ndi mswachi. Mnzanga wa pa desiki, munthu amene ndimagawana naye mandasi, anati foniyo aipereke kwa iyeyo, aisunga bwino.

Ndinathamangira pa shelefu pamene timatchajira tabuleti. Panali chingwe chokha, chikulendewera. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti chithunzi cha sitayilo ya diresi lija chili mu tabuletimo.

Ndinabwerera pa laputopu n'kulemba, "Si ine! Khalani chete nonse!"

Pansi pake pomwepo: "Ndi ine ndithu. Pitirizani."

Ndinafufuza paliponse poti ndiichotse tabuletiyo pa akaunti yanga. Palibe. Laputopu imatha kudzitulutsa yokha basi. Kuti utulutse chipangizo china pamafunika foni, ndipo foni inali mu kabati, kiyi ali m'tauni. Ndinayamba kufufuta zimene ndinalemba zija, koma kufufuta chinthu chimene munthu wawerenga kale n'kungodzitopetsa.

Kenako panabwera chithunzi. Makina osokera, chitenje chobiriwira, ndi dzanja la amayi lili ndi mphete yawo.

Mnzanga wa pa desiki analemba: "Mwadzuka bwanji amayi. Ifetu timamuuza tsiku ndi tsiku kuti aziwerenga."

Amayi anafika masana, atanyamula jumbo ya tomato ndi nthochi, akuimba kanyimbo ka kwaya. Anandiuza kuti nditsitse katundu kaye, ndiwathirire madzi akumwa, kenako anakhala pansi n'kuika tabuleti pa tebulo pakati pathu.

"Ukudziwa amene anayamba kuona?" anatero. "A telala. Bambo wachikulire, wa ulemu wake, ndi kachipewa kawo koyera. Ndawapatsa kuti aone khosi la diresi, mauthenga n'kumangogwera pamwamba pa chithunzi. Iwo avula magalasi, avalanso, akuti, 'Madamu, pepani, koma tabuleti yanuyi ikukunenani.'"

"Mami, ndinalumikiza chifukwa cha mapepala a Bayoloje."

"Chabwino. Tiye tione."

Anatsegula gulu la kalasi, n'kusankha pepala limene aphunzitsi anatumiza Lachitatu.

"Mtima uli ndi zipinda zingati?"

"Zinayi."

"Nanga mtsempha umene umachotsa magazi ku mapapo kupita nawo ku mtima, dzina lake?"

Ndinayang'ana kudenga. Ndinayang'ana nthochi. Amayi anadikira mpaka ndinagwetsa nkhope.

Chigamulo sichinatalike. Foni ndidzaiona nditalemba pepala lomaliza la Fomu 4. Anandiimirira kumbuyo pamene ndinkatulutsa akaunti yanga pa laputopu, mpaka kabokosi ka timadontho kaja kanabweranso. Nditatambasula dzanja kuti ndichitenso chimodzimodzi pa tabuleti, anaikoka.

"Iyi isiye. Izikhala m'chikwama mwanga. Aphunzitsi akatumiza pepala ndizikusindikizira ku ofesi. Ndipo anzako aja ndi ana osangalatsa, ndiziwapatsa moni."

Ndinalira pang'ono kubafa, chifukwa masabata amene awonjezerekawo ndi ambiri, ndipo ndadzichititsa ndekha. Nditatuluka ndinafufuza dzina la mtsempha uja m'buku. Tsopano ndikulidziwa.

Pali chinthu chimodzi chimene amayi sanachidziwebe. Foni ikakhala osagwiritsidwa ntchito masiku oposa khumi ndi anayi, zipangizo zonse zolumikizidwa zimatulutsidwa zokha. Yanga yatsala ndi masiku asanu. Ndikakhala chete, sabata yamawa tabuleti idzawatsekera kunja, anzanga n'kupuma. Koma mapepala a aphunzitsi nawonso adzasiya kubwera, ndipo Bayoloje ndikuifuna.

Choncho mawa tikachoka ku tchalitchi ndiwauza zoona: kuti kabati iyenera kutsegulidwa, foni iyatsidwe, ilowe pa intaneti ndi pulogalamu ija yotsegula kwa kanthawi kochepa. Ndipempha mwaulemu kuti woigwira pa kanthawi kameneko ndikhale ine.