Denga la Shedi ya Fodya ku Glendale

Ndinakulira pakomboni ya antchito a purazi ina, famu ya pafupi ndi Glendale kumpoto kwa Harare, ndipo kumanga ndinakuphunzira pochita maricho, ganyu wa tsiku ndi tsiku. Ntchito yoyamba imene ndinaigwira m'dzina langa inali shedi yosankhiramo fodya ya mayi wina wamasiye wa Chishona, amene anapatsidwa munda pomwe makolo anga ankalimira mzungu. Ndalama inkachokera kwa mwana wawo wamkazi, namwino wa ku Joni.

Namwinoyo anali atapsapo kale ndi mmisiri wina amene analandira ndalama yonse n'kusowa. Choncho tinagwirizana kuti azilipira m'zigawo. Ndinalemba kalata: ndalama yoyambira yogulira njerwa ndi simenti, ina maziko ndi silabu zikatha, ina makoma akafika pa bimu, lamba wa konkire wa pamwamba pake, ina denga likakhomedwa, ina pulasitala ndi zitseko zikatha. Kagawo kochepa kanayenera kutsala m'manja mwake mpaka mvula itayesa dengalo. Gawo likatha, ndinkalemba kalata ina yonena zimene zatha, ndalama yofunika, yolipidwa kale ndi yotsala. Mayi aja ankazungulira nyumbayo, kugogoda khoma ndi ndodo, kenako n'kusaina. Ine ndinkajambula kalatayo ndi ntchitoyo pafoni n'kutumiza.

Magawo atatu anayenda bwino. Kumayambiriro kwa Disembala, mitengo ya denga tili nayo koma malata tisanagule, mayi aja anandiitanira kuseri kwa mulu wa mchenga.

“Mwanangu,” anatero, “fodya wayamba chikasu. Fetereza wobereketsa ndilibe. Lemba kalata yoti denga latha, ndisaina. Ndalama ikabwera ndigule fetereza, ndikagulitsa fodya ndikubwezera.”

“Bwanji osangomuuza mwana wanu, Amayi?”

“Wandichitira zambiri. Ndiyambenso kupempha? Zithunzi ukajambule shedi ya kutsidya, amangofanana.”

Ndinawamvera chisoni, chifukwa fodyayo ndinkamuona ndekha m'mawa uliwonse. Komabe ndinawauza kuti dzanja langa silingalembe denga limene kulibe. Anakwiya. Anandikumbutsa kuti bambo anga anali mabhurandaya, dzina lonyozera anthu obwera kuchokera kudziko lina opanda munda, ndipo ntchitoyo anandipatsa mwachifundo. Mawuwo anandilasa. Ndinatola chipande changa chomangira n'kubwerera kukhoma.

Tsiku lotsatira ndinapita kunyumba kwawo ndi pepala lina. Ndinalembamo kuti ntchito iime pa bimu, gawo la denga lidikire mpaka fodya woyamba atagulitsidwa, ndipo mtengo wa ntchito yanga sudzasintha, kupatula ngati malata akwera. Ndinati ngati mwana wawo avomera, ndalama imene anasungira denga ipite ku fetereza, poyera.

“Ndiye afunsa chifukwa chake,” anatero mayiwo.

“Afunsadi. Ine ndikhala pompano muziyankhula.”

Anaimba foni. Ndinamva namwino uja akukalipa m'Chishona, osati chifukwa cha ndalama, koma chifukwa chomubisira. Kenako onse awiri analira. Atatha, namwinoyo anapempha kuyankhula nane, nandifunsa ngati makoma sawonongeka ndi mvula. Ndinati ndiphimba pamwamba pake ndi pulasitiki, mitengo ndiisunga pouma. Madzulo ake anatumiza uthenga wovomera, mayi ake n'kusaina.

Chovuta chinali kwathu. Amuna atatu a pakomboni amene ndinkagwira nawo ntchito ankayembekezera ndalama ya denga kuti adyere Khirisimasi. Mmodzi wa iwo, mlamu wanga amene ankakhoma matabwa, anandiuza pamaso pa anzake kuti ndasankha pepala m'malo mwa ana ake. Ndinagulitsa mbuzi zanga ziwiri n'kuwagawira pang'ono, koma iye anatha mwezi osandipatsa moni. Tonse tinabwerera ku maricho, kupalira chimanga cha anthu.

Fodya uja anachira. Mabelo oyamba atagulitsidwa ku Harare, mayiwo anabwera okha pakomboni, kumene anali asanapondeko. Anagwada pakhomo kupereka moni kwa bambo anga, ndipo ine anangondiuza kuti, “Amisiri, malata akudikira.” Kuyambira pamenepo sananditchulenso kuti mwanangu.

Tinakhoma dengalo mlamu wanga ali pamwamba, akuimba ngati sitinayambanepo. Masamba omaliza a chaka chimenecho anasankhidwira m'shedimo, ndipo mkazi wanga anali m'gulu la osankhawo. Kalata ya gawo lachinayi ndinailemba nditakhala pansi pa dengalo, ndipo mawu akuti “denga latha” ndinawalemba pang'onopang'ono, ndikumva kukoma.

Mvula yoyamba itagwa, ndinathamangirako ndi tochi kukayang'ana m'makona. Panali podontha pamodzi, pa msomali wopindika. Ndinausintha, ndinadikira mvula ina, ndipo pamenepo m'pamene ndinapempha kagawo kotsala kaja. Masiku ano ndikamadutsa pa kombi, minibasi ya kuno, shediyo imaonekera kuseri kwa mitengo ya bulugamu, ndipo aliyense amene wakhala pafupi nane ndimamugwira paphewa kuti aione.