Pamene Alto Ankatsika Yekha

Zaka zimene maliro anachuluka ku Mphamba, kwaya yathu inatha. Mkazi wanga, woimba alto, nayenso anapita. Otsalafe tinadalira mnzathu wa ku Kasungu, waganyu m'minda ya fodya, wodziwa makodi atatu pagitala: G, C ndi D.

Ndinamulembera makodi kuchokera m'buku la nyimbo, ndikuwerenga mawu onse anayi a kwaya kuyambira pa besi. Do, mi, so ndinkalemba G; fa, la, do ndinkalemba C; so, ti, re ndinkalemba D.

Pamzere womaliza wa nyimbo ina, mawu enawo atafika kale pa D, alto amachedwa pa do, kenako n'kutsikira pa ti.

"Apa nanga, adada?" anandifunsa.

"D basi."

Pamaliro otsatira nyimboyo inayenda bwino. Gitala anangodutsa pamalopo, ndipo palibe anazindikira kuti pasowa kanthu.